Nambala ya amayi

Uthenga wa imfa ya amayi unandipeza ndili pantchito, m'chipatala chachikulu cha ku Edmonton kumene ndine namwino. Mchimwene wanga anaimba kuchokera ku Balaka, nati kukufunika bokosi ndi galimoto yokatenga thupi. Tsiku lomwelo.

Ife kuno tili ndi kachitidwe kathu. Umapeza mnzako amene ali ndi makwacha kumudzi, iye n'kutumizira abale ako pafoni, iwe n'kumupatsa mapaundi konkuno. Mtengo wake umaposa wa kubanki, ndipo chikole chake ndi nkhope basi. Ndinaimbira bambo wina wa kutchalitchi kwathu ku Woolwich, amene anandichingamira kubwalo la ndege nditangofika m'dziko lino. Ndinawapatsa nambala, n'kuwauza kuti ndi ya mchimwene wanga.

Posakhalitsa anatumiza chithunzi cha lisiti ya pafoni. "Zalowa, achemwali. Pepani ndi zovutazi. Ingotumizani mapaundiwo."

Pamaliro munthu safufuza mawu a wodzakupepesa. Chala chinali kale pa batani. Koma ndinayang'ananso chithunzicho. Pamalo a wolandira panali dzina la mchimwene wanga, lolembedwa bwinobwino. Chonsecho nambala ija anailembetsa ndi amayi, ndi chiphaso chawo, mchimwene ankangosunga foni chifukwa iwo maso anali atafooka. Aliyense wotumizako ndalama amaona dzina la amayi. Makina sadziwa amene wagwira foni.

Nditakulitsa chithunzicho, ndinaona kuti zilembo za dzinalo ndi zonenepa kuposa zinzake, ndipo kumbuyo kwake kunali kachigamba kotuwa ngati khoma lomatidwa kumene.

Ndinaimbira mchimwene. "Usadalire meseji, aliyense atha kuilemba. Lowa wekha mu akaunti, uone zimene zilimo."

"Mulibe kanthu, achemwali."

Ndinabwerera kwa bambo aja, ulemu ndisanautaye. "Bambo, kumudzi sizinafike."

"Ndi netiweki imeneyo, mukudziwa kwathu. Inu pangani send, zi-reflecta. Mpaka kundikayikira ine pa tsiku ngati lino?"

"Nanga dzina lili pa lisitili mwalitenga kuti?"

Foni inangoduka. Sindibisa, ndinapsa mtima. Fisi ndi fisi, koma uyu anasankha tsiku limene ankadziwa kuti ndichita manyazi kufunsa. Anali ataimbapo nyimbo m'nyumba mwanga munthu ameneyu.

Ndinatumiza ku nambala yomwe ija kudzera ku kampani yotumiza ndalama, koma anayamba aziimika kaye kuti aone zikalata zanga. Amayi anagonanso m'chipinda chozizira usiku wina, anthu atasonkhana kale pakhomo.

M'mawa mwake ndili m'basi, foni inalira. Inali lisiti yeniyeni, yondiuza kuti ndalama zalandiridwa. Wolandira anali amayi, dzina lawo lonse, ndi la kwa makolo awo lomwe. Ndinapitirira siteji yanga ndikuliwerenga.