Timabotolo Tinayi M'thumba la Malaya

Linali Lachitatu, pa 14 Okotobala 1987, nthawi ya 3 koloko masana. Ndinalowa m'kachipinda ka filiji pa chipatala chathu chaching'ono cha ku Chikweo kukatenga thonje, ndipo ndinaona katoni ya madzi osungunulira katemera wa chikuku ikadali pa shelefu. Mawa lake unali ulendo wa sikelo ya kumudzi, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Madziwo amayenera kugona m'filiji usiku wonse kuti azizire mofanana ndi katemera, chifukwa akakhala ofunda amapha mphamvu yake. Ndinaiyang'ana katoniyo, ndinatenga thonje langa, n'kutuluka.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi, wolongedza katundu wa maulendo amenewa ndinali ine. Mndandanda wanga ndinaulemba pa chikatoni cha sopo n'kuukhomera kuseri kwa chitseko. Sunali wokongola. Ndinaulemba motsata mmene manja amayendera: za dzulo lake pamwamba, za m'mawa pansi. Kudula chingwe cha filiji kuti moto ukhale wabuluu, kuthira palafini, kuimika mapaketi a ayezi m'chipinda chouma, kuika madzi osungunulira m'filiji. Mzere uliwonse unali ndi tsiku lake limene ndinapsa nalo. Machesi ndinawalemba titakafika kutali ndi pulayimasi yopanda choyatsira. Chingwe cha sikelo ndinachilemba titabwereka cha mbuzi.

Chaka chimenecho kunabwera mnzanga wina kuchokera ku Balaka, wa ntchito ya zaumoyo yofanana ndi yanga, koma wocheperapo kwa ine ndi zaka khumi. Malo a maphunziro a kasungidwe ka katemera atatuluka, akuluakulu a ku boma anasankha iwo. Anabwerako ndi satifiketi, kiyi wa chipinda cha filiji, njinga yamoto ndi pepala lotayipa lokutidwa m'pulasitiki. Chikatoni changa anachichotsa mwaulemu, n'kundifunsa ngati ndikuchifuna. Ndinati iyayi. Atatuluka ndinachitola m'dengu la zinyalala n'kukachibisa pansi pa matiresi.

Sindinganame kuti anali munthu woipa. Ankandiitana kuti achimwene, ndipo tikamadya ankayamba kundipatsa ine madzi osamba m'manja. Zimenezo zinkandipweteka kwambiri. Amayi a kusikelo, amene ana awo ndinawabaya kuyambira woyamba, anayamba kuwatcha iwo adokotala chifukwa cha chipewa cha njinga yamoto. Ine ndinatsala bambo a sikelo.

Pepala lawo ndinaliloweza kuposa mwini wake, pofuna kulipezera chifukwa. Linali labwino. Linanena zoti katemera wa pantchafu ndi wa kafumbata azikulungidwa m'pepala asakhudze ayezi, pakuti akauma ndiye kuti watayika, ndipo ine zimenezo ndinkazichita koma sindinazilembe. Linali ndi dzenje limodzi lokha. Wa chifuwa chachikulu analembedwa pamodzi ndi madzi ake, koma pa wa chikuku wotayipa anadumpha madziwo. Miyezi yonse mnzangayo ankawakumbukira pamutu. Lachitatu limenelo anali ndi alendo a ku boma ofuna malipoti, ndipo anaiwala.

Lachinayi m'mawa ndinaimirira pakhomo iwo akulongedza. Anawerenga temometa, madigiri anayi, n'kulemba pa tchati. Anayala mapaketi a ayezi m'mbali mwa kaliya, bokosi lathu lonyamulira katemera, anaika wa poliyo ndi wa chikuku pafupi ndi ayezi, enawo pakati, akuchonga pepala ndi pensulo. Anatseka. Akumangirira bokosilo pa njinga, ine ndinalowa, ndinatenga timabotolo tinayi ta madzi pa shelefu paja n'kuika m'thumba la malaya. Ndinadziuza kuti ana sataya kanthu. Ndinkangofuna kuti munthuyo asowe kaye pamaso pa anthu, kenako ine nditulutse.

Iwo anatsogola ndi njinga yamoto. Ine ndi anamwino, mayi wachikulire wosalankhula zambiri, tinatsatira pa njinga zopalasa. Kumbuyo kwanga kunali sitelelayiza yotseka yokhala ndi masirinji ndi singano zowiritsa kale, pulayimasi, sikelo, timakabudula toyezera ana, makadi atsopano, beseni, sopo ndi mapaketi a mchere ndi shuga a otsekula m'mimba. Tinapalasa maola awiri mumchenga, dzuwa la Okotobala likuwomba pachifuwa. Malaya ananyowa. Timabotolo tinkagundana m'thumba, ndipo ndinkamva kukoma.

Tinkachitira sikelo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti. Apampando a chipani a m'deralo anali atamema anthu, chifukwa chikuku chinali chitamveka m'midzi ya kumpoto. Amayi anadzaza. Pakati pawo panali anayi ochokera kutsidya la dambo, amene anabwera pa bwato la msodzi wina. Mmodzi ndinkamudziwa. Anataya mwana ndi chikuku zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo tsikulo anabereka wamkazi wa miyezi khumi, khadi atalikulunga m'kansalu.

Ndinapachika sikelo n'kuyamba kuyeza, diso lili kwa mnzanga. Anatsegula kaliya pamthunzi, anatulutsa botolo la chikuku, n'kupisanso dzanja. Anapisa kachiwiri. Anatulutsa pepala lake n'kuliwerenga kuyambira pamwamba. Apampando anawafunsa ngati zonse zili bwino, iwo anati dikirani pang'ono. Anamwino anafunsa chomwe chasowa, ndipo atauzidwa anangoti madzi owiritsa kapena a katemera wina asayerekeze n'komwe. Mnzangayo anati akudziwa. Nkhope yawo inatuwa. Ndinayeza ana ena asanu ndisanasunthe. Ndikuvomera kuti mphindi zimenezo zinali zokoma kuposa tsiku lililonse la chaka chimenecho.

Kenako ndinayenda pang'onopang'ono n'kuika timabotolo tinayi pa tebulo.

"Mwina mukufuna awa, adokotala. Pa chikatoni changa analipo."

Amayi ena anaseka. Apampando anandigwira paphewa n'kunena kuti akuluakulu ndi akuluakulu ndithu. Koma anamwino anatola kamodzi n'kukagwiritsa patsaya.

"Atentha ngati tiyi. Mwawasunga kuti?"

"M'thumba."

"Kuchokera kuchipatala? Ndiye munawaona bokosi lisanatsekedwe?"

Ndinali ndikudziwa kwa zaka zisanu ndi zinayi kuti madzi ofunda sasungunulira katemera. Ndi ine ndinalemba mzerewo pamwamba penipeni pa chikatoni. Koma maola awiri onse aja ndinkangoganiza za nkhope ya munthu wa ku Balaka, za madzi ayi.

Mnzangayo anatenga timabotoloto, anatilowetsa pakati pa mapaketi a ayezi, anatseka bokosi, n'kuuza amayi kuti a chikuku adikire mpaka madzi azizire. Tinapitiriza ndi madontho a poliyo ndi majakisoni enawo, tikutsegula bokosi pokhapokha pofunika kuti ayezi asasungunuke.

Nthawi isanakwane, mwini bwato anabwera. Anati mphepo ikuyamba ndipo iye ali ndi maukonde oti akatchere, wotsala adziwa yekha. Amayi anayi aja anayamba kubereka ana. Ndinamutsatira msodziyo mpaka pa njira, ndikumupempha m'Chiyao changa chothyoka kuti adikire theka la ola. Anandifunsa ngati mphepo imamva za boma. Mayi wotaya mwana uja anandifunsa kuti tibweranso liti. Kumeneko tinkapita kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo pofika Disembala msewu umakhala pansi pa madzi. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

"Dzuwa lonseli ndabwerera jakisoni ameneyo, bambo. Enawa anabaya kale."

Anamanga khadi m'kansalu kaja, n'kupita.

Otsalawo tinawabaya cha m'ma 1 koloko. Katemera wosungunula amene anatsala tinamutaya pomaliza, monga mwa lamulo. Pobwerera anamwino anapalasa patsogolo panga njira yonse osatembenuka.

Tinafika dzuwa likadalipo. Ndinatsuka masirinji ndi singano, ndinayesa nsonga iliyonse pa thonje kuona ngati yapindika, ndikudikira kuitanidwa. Masiku amenewo lipoti limodzi lopita ku boma linkatha kumusamutsa munthu kapena kumuchotsa. Mnzanga anandipeza pa mpopi, ali ndi buku la ulendo. Anandionetsa zomwe analemba: kuti madzi a chikuku sanaikidwe m'filiji, wolakwa ndi wosunga filiji, ndipo ana anayi sanalandire. Dzina langa munalibe. Anandifunsa ngati chikatoni chija ndikadali nacho.

Ndinkayembekezera kuti ndichita manyazi okha. Manyaziwo analipo, koma panabweranso nsanje ina. Munthuyu anali ndi njinga, kiyi ndi satifiketi, ndipo tsopano anali ndi mtima umene ine ndinalibe. Akanandikalipira bwenzi nditagona bwino. Ndinawauza kuti ndikufuna botolo limodzi la chikuku mawa. Anati botolo la ana khumi kutsegulira anayi ndi kutaya, koma andipatsa n'kulemba m'buku. Ndinapempha kiyi, ndinaika kabotolo ka madzi m'filiji ndi dzanja langa, n'kuwabwezera kiyiyo.

Lachisanu ndinadzuka tambala woyamba atangolira, chifukwa ndinayenera kufika kudooko amuna asanapite ku mzikiti, apo ayi bwato silikanapezeka. Ndinasolola chikatoni pansi pa matiresi. Mnzanga ndinawapeza atatsegula kale, temometa ili m'manja. Tinalongedza tonse, iwo akuwerenga pepala lawo, ine changa. Anapeza kuti pa changa palibe sopo, ine ndinawakumbutsa kafayilo kothyolera timabotolo. Anati andiperekeze pa njinga yamoto. Ndinakana, ndipo sindinganene kuti ndinakana chifukwa cha ulemu.

Ndisanatuluke anasolola pepala lotayipa m'pulasitiki muja n'kundipatsa bolopeni. Pansi pa mzere wa chikuku ndinalemba kuti madzi osungunulira, m'filiji dzulo lake. Zilembo zanga zinaoneka zokhota pakati pa zotayipa. Ndinamangirira kaliya kumbuyo kwa njinga, ndinaifunditsa chiguduli chonyowa, ndinagwira thumba la malaya kuti ndione ngati mulibe kanthu, n'kuyamba kupalasa kulowera ku Chiuta.