Ofunsa Ambiri, Ogula Osaoneka

Chaka chimene bungwe la mpingo lomwe amuna anga ankagwirako ntchito linatseka ofesi yake ku Nairobi, banja lonse linatsamira pa pemiti yanga yogwirira ntchito ku Kenya. Tinkakhala ku Madaraka ndi mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba sekondale. Ine ndinali pa kampani yaying'ono yogulitsa zipinda zoziziritsira zoyendera sola. Ogula athu sanali anthu wamba ayi. Anali makopaletivi a mkaka, makampani otumiza mapeyala kunja, nthawi zina zipatala za mishoni. Ntchito yanga inali kutsatsa malondawo pa intaneti kuti anthu otere atipeze.

Chipinda choziziritsira si chinthu choti munthu n'kungodzuka n'kugula. Wina amaona malonda athu, n'kudina, n'kulemba fomu yofunsa mtengo. Kenako komiti yawo ikhale pansi, mainjiniya athu akaone malo, banki ivomere ngongole, mwina adikirenso kuti akolole. Theka la chaka limatha, nthawi zina kupitirira.

Fomu zinkabwera zambiri, ndipo poyamba ndinkanyadira. Koma tsiku lina bwana, mayi wa ku Kenya wosakonda kuzungulira polankhula, anandiitana mu ofesi mwawo. Munali kale bambo wina wachikulire, amene ankayendera ogula n'kumaliza nawo malonda.

"Auzeni zimene mwandiuza ine," anatero bwana.

Bambowo sanandiyang'ane. "Anthu amene mumanditumizira si ogula. Dzulo ndaimbira ana a pa yunivesite a ku Roysambu amene akulemba kafukufuku wawo. Wina amafuna ntchito. Wina amafuna filiji yoika soda pa kagolosale kake. Ogula enieni ndimadzipezera ndekha."

Bwana anati pemiti yanga ikutha kumapeto kwa chaka, ndipo sangapite kukaipemphanso ngati sakuona chimene kutsatsako kukubweretsa. Anawonjeza mawu a Chiswahili aja akuti "pole", ndiye kuti pepani, ine n'kutuluka.

Vuto ndinkalidziwa. Makina a kampani yotsatsa pa intaneti amaphunzira kuchokera pa zimene mwawauza kuti ndi zabwino. Ife tinawauza kuti fomu yolembedwa ndiye phindu, ndiye ankatisakira anthu okonda kulemba fomu. Mwana wasukulu amalemba msanga kuposa manijala wa kopaletivi. Zimene zinkachitika pambuyo pa fomu, kaya pa foni, kaya kumunda, kaya posaina mgwirizano, makinawo sankaziona.

Njira yowaonetsera inalipo. Munthu akadina malonda, makina amapereka nambala yaitali ya kudinako. Mukaisunga pamodzi ndi fomu yake mu pulogalamu yosungira mbiri ya makasitomala, tsiku limene wagula mumaibwezera kwa makina, n'kuwauza kuti uyu wagula, tsiku lakuti, pa mtengo wakuti. Koma makinawo amalandira nambala yoteroyo mkati mwa miyezi itatu yokha chidinireni. Ogula athu ankasaina nthawiyo itadutsa kalekale. Ndiponso anali ochepa kwambiri moti makina sakanaphunzirapo kanthu.

Ndinaganiza zoti tiziwauza za masitepe apakati: munthu akatsimikizika kuti ndi wogula weniweni, mainjiniya akakaona malo, koteshoni, chikalata cha mtengo wonse, ikatumizidwa. Sitepe iliyonse ikhale ndi mtengo wake wongoyerekeza, womakwera munthu akamayandikira kugula. Kuti tidziwe woyamba kumuimbira, aliyense azipatsidwa mapointi. Koma zonsezi zinkafuna bambo aja, chifukwa ndi iwo ankadziwa amene wafika pati, ndipo mu pulogalamu sankalembamo kanthu. Makasitomala awo onse anali mu foni mwawo.

Ndinawachonderera kangapo. Ankangoti "kesho", ndiye kuti mawa, mawa lake osafika. Tsiku lina ndinangotsegula chitseko cha galimoto lawo pamene ankanyamuka kupita kwa alimi a mapeyala, n'kukhala pansi.

"Mukupita kuti, mama?"

"Kumene mukupita inuko."

Tinalowa mu msewu wa Thika Road. Titadutsa Roysambu anayamba okha kulankhula. Anati kumene ankagwira ntchito kale anawauza kuti alembe makasitomala onse mu kompyuta, atamaliza anawachotsa ntchito n'kuikapo achinyamata awiri. Ndinawauza kuti ine sindikufuna makasitomala awo. Ndinawauza za amuna anga amene ankakhala pakhomo tsiku lonse akutumiza makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, ndi za mwana amene tikanamuchotsa sukulu pakati pa maphunziro. Sindinafune kulira pamaso pawo koma ndinalira.

Iwo anangoti, "Ndiye mapointi anuwo mumawapereka bwanji?"

Ndinawafotokozera, iwo n'kumatsutsa, ine n'kumatsutsanso. Tinagwirizana kuti kopaletivi yokhala ndi malo akeake ipate mapointi ambiri, chimodzimodzi wonena kuchuluka kwa mkaka kapena zipatso zimene amasonkhanitsa pa tsiku, ndi wonena mwezi umene akufuna chipinda. Wotchula kafukufuku kapena ntchito achotseredwe. Ine ndinkafuna kuchotsera aliyense wolemba imelo yake ya iye mwini m'malo mwa ya kampani, koma iwo anakana, ati matcheyamani ambiri a makopaletivi alibe imelo ya ku ofesi. Iwo ankafuna kutaya onse olemba kuti ndi makalaliki, ine ndinakana, chifukwa nthawi zambiri tcheyamani amatuma kalaliki kuti afufuze. Aliyense anagonja pamodzi.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse masana tinkakhala limodzi. Iwo akuwerenga mu foni, ine ndikusintha masitepe mu pulogalamu, kenako n'kutumiza kwa makina. Ulendo woyamba theka la mizere ya m'ndandanda umene tinatumiza linakanidwa chifukwa ndinali nditalemba nthawi mosatchula kuti ndi ya ku Nairobi. Ndinakonza. Mizere ina inalibe nambala ya kudina n'komwe, popeza anthuwo anangoona malonda n'kuimba foni osalemba fomu. Amenewo tinangowasiya.

Masitepe atachulukirako, ndinauza makina kuti asiye kuthamangitsa fomu, azitsata ogula otsimikizika. Ndinkadziwa kuti fomu zichepa, ndipo bwana ndinawachenjeza. Koma kudziwa ndi kuona n'zosiyana. Zinatsika ngati madzi a m'chitsime mu Okutobala. Tsiku lina lonse linatha popanda ngakhale imodzi. M'mawa uliwonse ndinkatsegula kompyuta kuti ndione ngati yabwera fomu. M'minibasi ndinkangoyang'ana foni, ku tchalitchi ndinkaibisa m'buku la nyimbo. Amalawi anzanga akandifunsa pambuyo pa Misa kuti ntchito ikuyenda bwanji, ndinkati bwinobwino, n'kufulumira kutuluka.

Bwana anandiitananso. "Kale munkandibweretsera anthu olakwika. Pano simukubweretsa aliyense."

"Makina akuphunzira, bwana. Amene akubwera ochepawo ndi abwino. Afunseni bambowa."

Bambo aja anavomera kuti sabata imeneyo anapita kukaona malo kuwiri, konse kochokera pa intaneti. Bwana anafunsa ngati pali amene wasaina. Panalibe. Sakanasaina msanga chotero, ndipo tonse atatu tinkadziwa. Bwana anati iwo sangalipire anthu ndi malo okaona.

Kunyumba amuna anga anali atasiya kufunsa. Madzulo ena tikudya anati, "Mayi, ine ndaganiza. Ndipite ndi mwana kwathu ku Zomba teremu yatsopano isanayambe. Akapeze malo a sukulu kukadali nthawi. Tikadikira pemiti n'kukanika, ataya chaka chonse."

"Tidikireko pang'ono, bambo. Pali kopaletivi ina ya mkaka, komiti yawo ikumana posachedwa."

"Mwezi wathawu munanenanso za komiti yomweyo."

Ankanena zoona. Komitiyo inali itasintha tsiku kawiri, koyamba chifukwa cha maliro, kachiwiri chifukwa msungichuma wawo anali paulendo. Mwana anadzuka patebulo osamaliza chakudya n'kukadzitsekera kuchipinda. Patapita masiku ochepa, ndinaperekeza amuna anga ndi mwana kukakwera basi m'mawa wina kukuwaza mvula. Mwanayo anandikumbatira n'kukwera. Nyumba ya ku Madaraka ndinaisiya n'kukapeza chipinda chimodzi ku Umoja, pamwamba pa shopu yogulitsa gasi.

Kopaletivi ija inasaina patapita milungu ingapo. Bambo aja anandiimbira ali komweko, ndikumva ng'ombe kumbuyo. Ndinatsegula pulogalamu. Amene anasaina anali tcheyamani, koma pansi pa dzina la kopaletivi yomweyo panali fomu ya kalaliki wawo, yakale kwambiri, yokhala ndi nambala ya kudina. Ngakhale ndinkadziwa yankho, ndinaitumizabe kwa makina. Anaikana, ati kudinako n'kwakale.

Ndinanyamula laputopu kupita kwa bwana. Ndinawaonetsa tsiku limene kalalikiyo anadina, mawu amene anafufuza, tsiku limene anaimbiridwa, tsiku la mainjiniya, koteshoni, mpaka kusaina. Ndinawauzanso zoona, kuti kalalikiyo anadina ndisanasinthe chilichonse, choncho malondawa akungosonyeza kuti intaneti imabweretsa ogula, osati kuti njira yatsopanoyi yapambana. Zimenezo zikaoneka chaka chamawa, amene ali pa koteshoni panopa akasaina kapena akakana.

Bwana anaziona zonsezo pa laputopu. Anafunsa kuti pa koteshoni pali angati, ndinawaonetsa. Anatembenukira kwa bambo aja, amene anali atangofika nsapato zili matope.

"Awa ndi anu kapena ndi awo?"

"Anawapeza ndi iwo. Kuwamaliza ndiwamaliza ine."

Bwana anasaina mapepala a pemiti sabata yotsatira, koma anachepetsa ndalama zotsatsira ndipo anati tidzaonanso pakati pa chaka chamawa. Ndinaimbira amuna anga ndili pakhonde la ofesi. Anati tiyamike Mulungu. Kenako anati mwana wayamba kale sukulu, wapeza anzake, ndipo si bwino kumuzulanso kachiwiri. Ndinapempha kuti ndilankhule naye. Anati ali kwa anzake, andiimbira akabwera.

Ndinakhala pakhondepo kwa kanthawi. Tsikulo linali Lachisanu. Bambo aja anasuzumira pakhomo foni ili m'manja, nati chipatala china cha mishoni chavomera kuti mainjiniya apite, ndibwere tilowetse. Ndinapukuta kumaso n'kulowa.