Eveles, mwana amene sankavuta

Eveles anabadwira m'munsi mwa phiri la Michesi mvula yoyamba itangogwa. Asanathe chaka, ukwati wa mayi ake unatha, ndipo mayiwo anapita kukathyola tiyi ku Mulanje. Kwathu kuno mayi akafuna kuchoka satsanzika khanda, amalizemba. Wina amalinyengerera ndi chitsononkho kuseri kwa nkhokwe, likamacheuka mayi palibe. Eveles nayenso mayi ake anamuzemba chomwecho.

Anamulera anthu ambiri, ndipo woipa mtima panalibe. Dzinja ankakhala kwa mayi ake aakulu, masika kwa atsibweni, aliyense ali ndi ana ake ndi munda wake. Phala ankadya. Koma akalira, womunyamula ankachedwa, mwina osabwera n'komwe, ndipo msana womubereka unkasintha ndi nyengo. Poyamba ankalira mpaka kusasa mawu. Kenako analeka.

Mayi ake akabwera kudzamuona, iye ankangowayang'ana kamodzi n'kupitiriza kusewera ndi dothi. "Mwana wabwino uyu, savuta," anthu ankatero. Sanadziwe kuti mwanayo waphunzira kuti kulira sikubweretsa munthu. Mng'ono wake Fyness anabadwa mayi atasiya ntchito, ndipo anakulira kumbuyo kwawo. Uyu ankalira mayi akangopita kuchitsime, akabwera n'kuwathamangira, n'kutonthola, n'kubwerera kosewera. Ameneyo ndiye ankamutcha wovuta.

Zipani zambiri zitangoyamba, Eveles anakwatiwa ndi Wyson wa ku Jenala, mnyamata wanthabwala wogula nandolo pa njinga. Wyson anadzamanga nyumba kwa mkazi monga mwa mwambo, ndipo anabereka mwana, Zikomo.

Wyson ankapita kukagulitsa nandolo ku Limbe n'kukhalako masiku. Pobwera ankayamba kuliza belu akadali kumunda.

"Amake Zikomo, mwamuna wanu uja wabwera! Kapena mukundiyesa wogulitsa usipa?"

"Ndakuonani. Madzi osamba ali kubafa."

Eveles ankayankha osaweramuka pamtondo. Fyness yekha ndi amene ankadziwa kuti masiku onsewo mkulu wake sankadya bwino, ndiponso kuti belu la njinga iliyonse linkamutulutsa m'nyumba. Wyson sankaziona zimenezi. Ankangoona msana.

Chaka china m'dzinja Eveles anadwala malungo. Anadziyendera yekha wapansi mpaka kuchipatala, osamuuza mwamuna wake, njinga ili pakhonde. Wyson anakamvera kumsika.

"Mwandichititsa manyazi. Kodi ine pano ndine ndani?"

"Munali ndi ntchito zanu."

Alipo ena oleredwa ngati iye amene amamasuka pang'onopang'ono akakhala ndi munthu wosatopa. Wyson anayesa zaka zingapo, ndipo nthabwala zake zinkachepa chaka ndi chaka.

Tsiku lina mu Juni, chiperoni chitaphimba phiri, nandolo ali maluwa, Wyson anatulutsa chikwama n'kuchiika pafupi ndi njinga. Fyness anali pomwepo, atabwera kudzapala moto.

"Ndikubwerera kwathu ku Jenala," anatero Wyson. "Simunandilakwire. Koma pano ndimakhala ngati mlendo wodikira basi. Mukandiuza kuti ndikhale, ndikhala."

Eveles anayang'ana njingayo nthawi yaitali.

"Tayala lakumbuyo laphwa. Mupope musananyamuke."

Atatero anatenga chikwama chija n'kuchimangirira yekha pakaliyala, mwamphamvu, kuti chisakagwe m'njira.

"Achemwali!" Fyness anamukoka chitenje. "Mawu amodzi okhawo akukukanikani? Ine amuna anga ndimawatukwana m'mawa, madzulo tikudyera mbale imodzi."

"Akufuna kupita. Ndiwagwire miyendo?"

Wyson anapopa tayala mosafulumira. Anatsanzika mwana. Anaikankha njinga mpaka pamsewu osaikwera, ndipo Eveles analowa m'nyumba.

Nandolo anakhwima, anauma, anakololedwa, Wyson akadali wosakwatira. Ankabwera kudzaona Zikomo, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Eveles ankamupatsa madzi ndi chinangwa chophika, n'kumufunsa za makolo ake. Mvula yachiwiri isanagwe, Wyson anakwatira mkazi wina wa kwa Mkhumba.

Eveles alipobe pamalo pomwe paja. Pamaliro amafika woyamba, amachoka womaliza. Denga lake amafolera yekha, ndipo sindinamvepo munthu akunena kuti Eveles anamupempha kanthu.

Zaka zitapita, iye ndi Fyness akusenda nandolo pamphasa, anayankhula osadzutsa mutu.

"Tsiku lija mawu anali pakhosi pomwepa. Ndinkaopa kuti ndikawanena, bamboyo apitabe."

"Akanakhala, achemwali."

"Ndikudziwa," anatero Eveles, n'kukokera lichero pafupi.