Mmene a Kanyenda Anatulukira m'Dzenje

Tsiku limene a Frazer Kanyenda anagwera m'dzenje la manyowa kuseri kwa sukulu, anali atavala thumba la feteleza. Thumbalo analiboola pamutu pokha, manja ali mkati, chifukwa m'sewero limene ankachita ndi ana a Sitandade 7 iwo anali Feteleza, munthu wonyada amene Manyowa amamupirikitsa m'mudzi. Pothawa chafutambuyo anaponda pamene panalibe nthaka. Sanavulale. M'dzenjemo munalibe kanthu, ngakhale tsamba, ndipo n'zimene zinadzawapweteka pambuyo pake.

Woyamba kusuzumira anali mayi Zubeida Usumani, mlangizi wa masukulu a m'deralo, amene aphunzitsi amangoti a PEA. N'kuti atangoimika njinga yawo yamoto.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Ndadzuka bwino, madamu. Kaya inu?"

"Dzenjeli n'la chiyani?"

"La manyowa."

"Manyowawo ali kuti?"

"Tikadali pa sewero, madamu."

A Kanyenda kwawo ndi ku Kaomba. Ku Lisasadzi anabwera ndi ntchito, akadali mnyamata wa tayi imodzi, n'kupezako mkazi wawo mayi Olive, kwaya ya ku tchalitchi ndi kamunda ka fodya, basi osachokanso. Ulimi amaudziwa. Manyowa a m'munda mwawo anthu amachita kuima panjira kuwayang'ana. Koma m'kalasi mtima wawo unali pa nyimbo ndi masewero. Phunziro linkawabwerera ali panjinga: lero tiimba, mawa tivina, mkuja sewero. Kenako ankatsegula silabasi kufunafuna mutu woti zimenezo zikhalepo. Mayeso ankawalemba teremu ikutha, kuchokera pa zimene ankakumbukira kuti zinachitika. Akuti chaka china funso linali lakuti, "Anapirikitsa Feteleza ndani?" Ana onse anakhoza.

Atawavuula m'dzenje muja, mayi Usumani anawatengera mu ofesi ya a hedi, a Grey Mbewe. Mayi Usumani sanakalipe. Anangoitana ana angapo n'kuwapempha kuti afotokoze kapangidwe ka manyowa. Anawo anayang'anana, mmodzi n'kuyambitsa nyimbo, enawo n'kuvomera. Anaimba bwino kwabasi, ndi besi yomwe.

Ana atatuluka, a Mbewe anatsokomola. "A Kanyenda, teremu ikubwerayi madamuwa abweranso. Akadzapeza zomwezi, ulimi ndipereka kwa wina, inu mupite ku Sitandade 1. Kumeneko nyimbo zimafunika."

A Kanyenda anaganiza za Sitandade 1, kumene ana amadzaza mpaka pakhomo ndipo theka limalira. Anakhala tsonga.

"Tiyambire kumapeto," anatero mayi Usumani. "Mutu wa manyowawu ukatha, mwana azitha kuchita chiyani?"

"Azikonda manyowa."

"Chikondicho mudzachiona bwanji?"

A Kanyenda anaganiza kwakanthawi. "Azitha kupanga mulu wa manyowa. Ukavuta, azidziwa chavuta."

"Cholinga n'chimenecho. Tsopano umboni. Mudzadziwa bwanji kuti watha?"

"Adzaimba..."

"Aimba kale. Dzenje lili gwa."

"Ndiye ndidzafunsa papepala, atchule zofunika popanga manyowa."

"Funsolo likhalepo, likuuzani kuti wakumbukira. Koma cholinga chanu mwati kupanga."

"Ndiye kuti apange, ine ndikuona."

"Ndipo musanaphunzitse mugwirizane ndi mtima wanu kuti mulu wabwino ndi wotani. Zochita za m'kalasi zibwere pomaliza. Chilichonse muzichifunsa ngati chikufikitsa mwana pa umboniwo."

"Nanga sewero?"

"Lifunseni."

Holide yonse a Kanyenda ankayenda ngati munthu amene wauzidwa kuti mbuzi yake ndi ya eni. Mayi Olive anauza anzawo pamjigo kuti bambo ayamba kulankhula okha m'chigafa, pansi pa fodya. Umboni sunawavute. Ana adzapanga milu m'magulu ang'onoang'ono, iwo akuyang'ana ngati mapesi oduladula ali pansi kuti mpweya uzilowa, masamba aawisi pamwamba pake, kenako ndowe, phulusa pang'ono ndi dothi, akuwaza madzi. Koma pagulu mwana waulesi amabisala kumbuyo kwa mnzake. Choncho anaganiza zopanga milu yawo yoipa dala, wina wouma, wina wonyowa mpaka kununkha, kuti mwana aliyense payekha adzazule ndodo yozikamo, aigwire kuti amve kufunda ndi chinyezi cha muluwo, anene chavuta ndi chochita.

Atatero anaitana zochita zawo zakale chimodzichimodzi. Gule wa khasu analephera msanga. Sewero analikambira mlandu masiku angapo, poti thumba lija anali atalichapa kale, koma sanapeze pamene kupirikitsa Feteleza kumaphunzitsa mwana kugwira ndodo. Linapita.

Inatsala nyimbo. Imeneyi anali nayo chikhulupiriro, chifukwa inkatchula zoika pamulu. Anaiimba pang'onopang'ono akuifananiza ndi mulu wabwino uja, n'kuima pa mzere woyamba. Nyimboyo inkayamba ndi "Ndowe pansi, ndowe pansi." Anaipeka choncho kalekale chifukwa ndowe inkakoma pakamwa kuposa mapesi. Zaka zonsezo ana a ku Lisasadzi ankaimba mulu wozondoka, ndipo palibe anazindikira, poti palibe anaupangapo.

Anaikonza. "Mapesi pansi" sankalowa bwino m'chuni, koma analowa.

Teremu itayamba, ana anadabwa kuuzidwa tsiku loyamba lomwe zimene adzayesedwe. Ena anafunsa ngati aphunzitsi akudwala. Anapita kukaona manyowa a kumunda kwa a Kanyenda, anapisa manja mumulu wofunda, anadula mapesi, anatuta ndowe kukhola la a hedi, amene sanakane. Mulu woyamba anaupangira limodzi m'dzenje lija. Unauma, ndipo anakangana za chifukwa chake mpaka belu. Nyimbo ankaiimba akugwira ntchito, kamodzi basi.

Mayi Usumani anabwera pa tsiku la kuyesa. Anaima pamthunzi, chipewa cha njinga chili m'manja. Milu ya magulu inali itaima mumzere, ina yopendekeka. Pa milu yoipa ija ana ankabwera mmodzimmodzi. Tithokoze, mwana wa mayi Agnesi oyandikana nyumba ndi a Kanyenda, anazula ndodo, anaigwira, n'kuinunkhiza.

"Yazizira, komanso yauma. Sukuwola uwu. Tiugwetse, tiwaze madzi, tionjezere zaziwisi."

Si onse anakhoza. Mnyamata wina anagwira ndodo nthawi yaitali, kenako anayamba kuimba chapansipansi. A Kanyenda anayang'ana kumwamba. Koma ambiri anadziwa, ndipo amene sanadziwe, a Kanyenda anaona pamene panawavuta, n'kunena kuti abwereza nawo Lachisanu.

Pochoka, mayi Usumani anasuzumiranso m'dzenje muja. Munali modzaza.

"Lero mukanagwera pofewa," anatero, n'kuliza njinga.

A Mbewe sanatchulenso za Sitandade 1. A Kanyenda akuphunzitsabe ulimi ku Sitandade 7, ndipo mitu ina yonse akuiyambira kumapeto, ngakhale amadandaula kuti panjinga alibenso choganiza. Thumba lija mayi Olive analiveka pamtengo kudimba kuti liziopseza mbalame. Anthu amati likufanana ndi a Kanyenda.

Loweruka lina a Kanyenda akupalira pakhomo, mayi Agnesi anaima pampanda, manja m'chiuno.

"Aphunzitsi, mwana wanga wayamba kundizulira ndodo m'munda mwanga momwe, ati manyowa anga ndi ouma. Bola muja munkagwera m'dzenje, kunyumba kunali mtendere."