Mapa amene a Arcanjo sanawaone

Kuno ku Lifidzi, pepala lililonse la Chipwitikizi limathera m'manja mwa a Arcanjo. Anaphunzira kwa ansembe, m'tchalitchi amawerenga ndi iwo, ndipo alimi a mbatatesi titayambitsa bungwe lathu la asosiyasau, ulembi unawagwera popanda wopikisana nawo. Ndi munthu wabwino, koma kuvomera kuti china chake sakuchidziwa kumawawawa ngati dzino.

Chaka chatha mbatatesi zinafota apa ndi apo, aliyense n'kumati kwake ndi dzuwa chabe. Mayi Yolanda, tekinika wa zaulimi wa ku Ulongwe, anatenga mitengo yofotayo kukaipima, kenako anatumiza relatoriyo, lipoti la zimene anapeza, pa telefoni. Telefoni ya a Arcanjo, yokalamba ngati eni ake, inakana kuitsegula. A Arcanjo anaitumiza kwa mwana wawo Dalila ku Tete, kuti akopere mawuwo n'kuwabwezera ngati uthenga wamba.

Mawu anafika onse. Penapake panati minda ya utoto wofiira pa Figura 2 isabzalidwenso mbatatesi, chifukwa matenda ali m'nthaka. M'munsi mwake panalembedwa kuti "Figura 2: mapa a minda", basi. Mapawo panalibe, poti kukopera mawu sikunyamula chithunzi. Akanangomuuza Dalila kuti ajambule tsambalo, koma anthu tinali titakhala kale pamsonkhano, maso ali pa iwo.

"Nanga yofiirayo ndi ya yani?" anafunsa mayi Inácia, amasiye, amene ana awo amapita kusukulu ndi mbatatesi zomwezi.

A Arcanjo anasuzumira pa telefoni ngati akuwerenga. Anangoganiza kuti matenda amakonda chinyontho. "Ndi ya kumunsi, mayi. Kwanu komweko."

Mayi Inácia sanabzale. Mbewu yawo anagawira ena, munda n'kuthiramo nyemba. Akumtunda, a Arcanjo omwe, anabzala mosatekeseka, ndipo zinafota kuposa kale.

Ndiye mayi Yolanda anabwera ndi relatoriyo yosindikiza, n'kuiyala pabenchi. Kumtunda konse kunali psuu. Kumunsi kunalibe ndi kadontho komwe.

"Kodi mapawa simunawaonetse anthu?" anafunsa mayi Yolanda.

A Arcanjo anangoti zyoli. Ine mtima unandiwira, ndinkafuna wina awalalatire. Mayi Inácia anayang'ana munda wawo papepala kwa nthawi, kenako anayang'ana mkuluyo.

"Mwina pa telefoni mitundu imaoneka mwina, bambo," anatero motsitsa mawu. "Zinthu zimenezi n'zovuta."

A Arcanjo anagwedeza mutu kuvomera, ndipo tonse tinachita manyazi m'malo mwawo.

Lamulungu lotsatira, katekisita atawapatsa buku kuti awerenge, a Arcanjo anati maso akuwavuta, ndipo anakakhala kumbuyo.