Mawu Amene Bwezani Ankaopa Kutchula

Ku Palabana, kuseri kwa minda ya udzu wodyetsa ng'ombe, kunkakhala kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri, dzina lake Bwezani. Makolo ake, a Humphrey ndi a Dyness Mbewe, anachokera ku Katete iye asanabadwe. Anali ndi ng'ombe zamkaka zochepa, ndipo mmamawa uliwonse bambowo ankamangirira zigubu panjinga n'kupita nazo kokagulitsa. Bwezani anali mwana wa msangala, wodziwa kuliza mluzu ndi zala, katswiri woumba ng'ombe zadongo zokhala ndi linunda ndi nyanga zomwe.

Chaka chimene analowa giredi wani, mwanayu anasintha ngati mtengo woyoyoka masamba. Kukacha ankadandaula m'mimba. Kuchipatala anamuyeza malungo, osawapeza. Akafika kusukulu ankangoyang'ana pazenera, ndipo belu lopumira likalira, iye uyo, liwiro la mtondo wadooka, kubwerera kwawo. M'nyumba sankalowa ayi. Ankabisala m'nthochi za kuseri kwa khola, maso ali pa amayi ake. Akawaona akuyenda, akutsuka ndowa zokamira, mtima unkakhala pansi pang'ono.

Chimene chinkamudya n'chakuti mimba ya amayi ake inali kukula.

Chilimwe chapitacho, amayi ake aang'ono, a Regina, anabwera kudzadwalira pakhomopo. Nawonso mimba inatupa, miyendo n'kutupanso. Tsiku lina Bwezani anafunsa pamaso pa anthu kuti, "Kodi amai ang'ono azafa?" Azimayi onse anamukuwiza. "Iwe! Malodza! Lavula mau ayo!" Analavuladi malovu pansi. Koma pasanapite nthawi a Regina anamwalira. Kuyambira pamenepo mwanayu anasunga mumtima mwake kuti pakamwa pake ndi pamene panaitana maliro.

Tsono anaona chitenje cha amayi ake chikukwera m'mwamba, mapazi akutupa, iwo akupuma mwawefuwefu pochokera kotunga madzi kudilawo. Azimayi anzawo akabwera ankanong'onezana, iye akayandikira n'kumuthamangitsa kuti, "Choka, ni nkhani za akulu." Paja mwa makolo, pathupi sipalengezedwa, ndipo mwana sauzidwa. Amangoona khanda lafika. Akuluwo ankati akumuteteza, osadziwa kuti mwana ukamubisira chinthu amadzilukira yekha nkhani, ndipo kawirikawiri imakhala yoopsa kuposa yeniyeniyo.

Bambo ake atamugwira m'nthochimo anakalipa. "Nikuchova njinga dzuwa lonse kuti uphunzire, iwe ubisala monga nkhuku yofuna kuikira?" Bwezani anangozyolika. Aphunzitsi ake, a Augustine, ataona kuti kukalipa sikuphula kanthu, anakambirana ndi makolowo, ndipo anagwirizana zomupereka kwa a Towela Nyirenda, mphunzitsi amene anaphunzira za uphungu wa ana pasukulupo.

Kachipinda ka a Towela kanali kumapeto kwa khonde, momwe kale ankasungiramo mabuku ong'ambika. Munali mphasa, makrayoni, ndi dongo lonyowa m'chitini. Bwezani analowa akuyembekezera chikwapu. Koma mayiwo anasiya mpando wawo, nakhala pamphasa miyendo ili tambalale, nkhope yawo n'kulingana ndi yake.

"Bwezani, sunalakwe, ndipo muno mulibe chilango," anatero. "Nchito yanga ni kumvera ana amene ali na zinthu zolema mumtima. Zimene uzakamba sinizauza anzako, olo a Augustine. Koma sinifuna kukunama. Nikamva kuti wina akukupweteka, kapena uli pangozi, nizafunika kuuza akulu amene angathandize. Ndipo nizayamba kukuuza iwe. Wamvera?"

Bwezani anagwedeza mutu.

A Towela sanamukakamize kulankhula. Anamukankhira chitini cha dongo. Zala za mwanayo zinayamba zokha ntchito imene zinkaidziwa, ndipo posakhalitsa panaima nkhunzi.

"Iyi ni ng'ombe yeniyeni," anatero mayiwo. "Ine nikaumba imaoneka monga mbatata ya miyendo."

Kukamwa kwa Bwezani kunagwedera pang'ono, kufuna kuseka. Tsiku limenelo zinathera pomwepo. Mwanayo akutuluka, a Towela anamuuza kuti, "Chitseko ichi ungagogode nthawi iliyonse ya buleki."

Ulendo wotsatira anamupempha kuti aumbe anthu a kwawo. Anaumba bambo ake ndi njinga, anadziumba yekha kakang'onong'ono. Kenaka anaumba amayi ake, nawaika chimimba chachikulu, n'kuwagoneka chagada patali ndi enawo.

"Naona amai agona," anatero a Towela, osawonjezera zawozawo. "Niuzeko za iwo."

Bwezani anafinya dongo m'manja.

"Nanga mantha yakabwera, umayamvera pati m'thupi?"

Analoza pamchombo.

Anamufunsanso mofatsa ngati pali wina amene amamumenya, kapena kumugwira mosayenera, kunyumba kapena panjira. Anapukusa mutu, ndipo mayiwo anaona kuti akunena zoona. Asanapite anamuphunzitsa kupuma: kukoka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mpaka mimba itakwera, n'kuutulutsa pakamwa ngati akuuzira mkaka wotentha.

Lachinayi lina amayi ake anadzuka mochedwa, akugwira msana. Bwezani anakhala m'kalasi mtima uli m'malere. Belu litangolira anathamanga mpaka pachipata. Apo anaima. Kuthawa anali atathawa kambirimbiri, koma mimba ya amayi ake ija sinaphwe, ndipo katundu wa mumtima sanapepuke. Anakoka mpweya, nautulutsa. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anatembenuka, nayenda khonde lonse lija mpaka kumapeto. Anagogoda mwakachetechete, ngati kambalame kojompha chimanga.

"Lowa, Bwezani."

Anakhala pamphasa. A Towela anangodikira, manja ali pamiyendo.

"Madamu," anayamba motsitsa, "ngati munthu wakamba chinthu choipa, chimachitika?"

"Chinthu monga chani?"

"Sinifuna kuchikamba. Chizamvera."

"Uyopa kuti ukachichula chizabwera."

"Ee."

"Mantha ayo ni yolema kunyamula weka. Nanga unayamba liti kuganiza choncho?"

Pamenepo dziwe linaphulika. Anafotokoza za a Regina, za funso lija, za malovu amene analavula koma osathandiza. Misozi inkatsikira m'kamwa. Pomaliza anatseka maso nati, "Manje amai naonso mimba yatupa. Azafa. Ndipo nakamba futi!" Anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri.

A Towela anamupatsa kansalu kopukutira, namusiya alire mpaka atatopa. Sanamuuze kuti mwamuna salira.

"Wachita chinthu cholimba maningi," anatero kenaka. "Manje mvera. Mau ya mwana siyapaya munthu. Amai ako ang'ono anali odwala kale pamene unafunsa. Unafunsa chifukwa unali kuwakonda, ndipo unaona na maso yako kuti adwala. Matenda ndiye yanawatenga. Si iwe."

"Zoona?"

"Zoona. Ine nakamba mau ayo kambiri, ndipo amai anga akali moyo ku Lundazi, akali kunikalipira."

"Nanga amai anga?"

Mayiwo anali atawaonapo a Dyness kumsika, ndipo ankadziwa chimene chitenje chija chinkabisa. Koma nkhaniyo sinali yawo kuti aiulule, ndiponso sakanalonjeza zimene sanali kuzidziwa bwino.

"Za thupi la amai ako, amene angakuyankhe bwino ni iwo. Nifuna tiwaitane na atate. Unganilole niwauze zimene waniuza?"

"Azanimenya. Azakamba ati malodza."

"Nizayamba kukamba nao neka. Ukalowa, ine nizakhala pafupi na iwe. Ufuna ukambe weka, kapena niyambe ine?"

Anaganiza. "Muyambe imwe."

M'mawa mwake makolowo anabwera, a Humphrey atatsamiritsa njinga ndi zigubu zake pakhonde. Bwezani anadikira panja, akukumba pansi ndi chala chakuphazi. M'katimo bambowo atamva nkhaniyo anapukusa mutu.

"Madamu, kwathu mwana sauzidwa za pathupi. Ni mwambo."

"Mwambo niulemekeza, a Mbewe, naine n'nakuliramo. Sinikamba kuti mumuuze zonse za akulu. Koma mwana uyu aona monga amai ake ali kufa, ndipo aganiza kuti ni iye anapaya a Regina. Wanyamula izi yeka kuchokera pa maliro."

A Dyness anaphimba nkhope ndi chitenje. "Mayo ine! Ndipo ndine n'namuuza kuti alavule."

"Simunadziwe. Manje mwadziwa. Muuzeni zoona, m'mau yang'ono. Ndipo musamulonjeze zimene simungakwanitse."

A Humphrey anatembenuzatembenuza chipewa m'manja. Kenaka anadzuka okha nakatsekula chitseko. "Bwera, mwana wanga."

Amayi ake anamukhazika pambali pawo. "Bwezani, amai ako ang'ono anadwala chiwindi, ndiye chinatupitsa mimba. Ine sinidwala. Muno muli mwana, mng'ono wako."

Bwezani anawayang'ana, nayang'ana a Towela. Aphunzitsiwo anagwedeza mutu movomereza.

"Munamumeza?"

A Humphrey anaseka mpaka kutsokomola. "Izo uzafunsa ukamera ndevu!"

Koma mwanayo anali asanamalize. Anafunsa funso lija maso ali gwa pa amayi ake. "Simuzafa?"

Nthawi ino panalibe womukuwiza.

"Anesi amanipima ku kiliniki, ndipo akamba kuti ine na mwana tili bwino," anayankha a Dyness. "Masiku yakayandikira nizapita kukayembekezera pafupi na chipatala, kuti anisamalire. Nizakuuza nikalibe kupita, sinizazemba. Iwe uzasala na atate, ndipo azakubweretsa panjinga kuzaniona. Ukayopa, ubwere unifunse. Bweretsa dzanja."

Anatenga kadzanja kokhala ndi dongo m'zikhadabo, nakaika pachitenje. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka china chake chinagunda m'katimo. Bwezani analumpha.

"Anichaya!"

"Wayamba kale ndewu na mkulu wake," anatero bambo ake.

Nkhawa siichoka tsiku limodzi ngati chiputu chozulidwa. Masabata otsatira Bwezani ankapitabe kwa a Towela, masiku ena kukalankhula, masiku ena kukangoumba. Tsiku limene amayi ake ananyamula chikwama kupita kukadikirira kuchipatala, anatsanzikana naye pachipata cha sukulu dzuwa likutuluka, minibasi ikuwaimbira hutala pamsewu. Bwezani analira pang'ono, nalowa m'kalasi. Belu lopumira litalira anapita kukagogoda.

"Madamu, lero niyopa."

"Nakumvera. Ufuna kukhala muno, kapena kusewera na anzako?"

Bwezani anasuzumira panja, pomwe anyamata ankathamangitsa mpira wa mapepala.

"Nikhale pang'ono," anatero. "Nikasiliza niyende, chifukwa anzanga alibe goli wogwira mpira."