Chidziwitso Chomwe Chinafika ku Maniamba

Ine ndinabadwa wosapirira zinthu zochita mwa chisawawa, ndipo uphunzitsi unangowonjezera matendawo. Nchifukwa chake pamene mudzi wathu, kumpoto kwa Metangula, unapangana zokonza gule wolipiritsa kuti tigule malata a kalasi imene mphepo inasasula, cholembera anapatsa ine. Nkhondo inali mkati, koma ana anali kuphunzirira pansi pa mango, ndiye tikanatani? Tinamanga mpanda wa udzu pabwalo la sukulu, tinaitana magulu a mganda ndi chioda a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Matikiti ndinadula ndekha m'makope akale, iliyonse nkuimenya chidindo cha sukulu.

Tikiti imodzi inakwera phiri kupita kwa apongozi anga aakazi, alimi a chinangwa kufupi ndi Maniamba. Gule analibe naye ntchito mayi amenewo. Masiku amenewo munthu sunkachoka m'dera lako popanda giya, kalata ya ulendo yochokera kwa akuluakulu, ndipo ankafunsa chifukwa chogwirika. Kukaona mdzukulu ankati si chifukwa. Koma tikiti ya chidindo, ya ntchito yomanga sukulu, imeneyo ankaimva. Mwana wathu woyamba anali ndi miyezi isanu agogo ake asanamunyamulepo. Mkazi wanga ndi amene anaganiza nzeruyi, ndipo uthenga utabwera kuti giya yatuluka, ya masiku atatu okha, anayamba kusesa ndi kuzira nyumba ngati kukubwera bishopu.

Gule anali wa Loweruka. Lachiwiri mvula inayamba, ndipo sinali mvula yocheza nayo. Pofika Lachinayi mpanda unali gone m'matope, bwalo lasanduka dambo, zikopa za ng'oma zalefuka ndi chinyezi moti ukamenya zinkangoti phwa. Mitsinje yotsika kuphiri inadzaza. Komiti inakumana m'khonde la tchalitchi, tonse tili chinyowere, ndipo panalibe zokangana zambiri. Ndinalemba chidziwitso pomwepo, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira chifukwa ndinawakopera ndi dzanja mpaka chala kutupa:

"Kwa nonse amene munagula matikiti a gule wa sukulu: chifukwa cha mvula yambiri imene yagwetsa mpanda ndi kudzaza mitsinje, gule sachitika Loweruka lino. Achitika Loweruka lachitatu kuchokera lino, pabwalo lomwelo, nthawi yomweyo. Sungani tikiti yanu, idzagwira ntchito. Amene simudzatha kubwera, onanani ndi msungichuma wa komiti akubwezereni chanu. Pepani chifukwa cha vutoli."

Pepala lina tinakhoma pachitseko cha tchalitchi, lina pamalo ogulitsira nsomba, ena tinapatsira asodzi opita ku Msumba ndi ku Nkholongue. Linatsala la kumtunda. Kumeneko kunali ogula asanu ndi mmodzi, apongozi anga ndi abale ena a anthu a m'mudzi mwathu, onse a nzeru yomweyi ya giya.

Kunali mayi wina wogulitsa usipa wouma amene ankakwera phiri mlungu uliwonse, mvula kaya dzuwa. Ndinamupeza akumanga dengu lake, ndinamupatsa pepalalo. Analiyang'ana osaligwira.

"Aphunzitsi, mukufuna ana anga akhale amasiye? Pepala la chidindo, lonena tsiku ndi malo osonkhana anthu, ndikumane nalo ndi a mfuti a m'tchire?"

Ndinapsa mtima, koma mayiyo ankanena zoona. Ndinati chabwino, nyamulani pakamwa. Ndinamubwerezetsa katatu ngati mwana wa kalasi yoyamba, mpaka anandiuza kuti ndimusiye, iye si mbuzi. Anati sangazungulire midzi yonse, afika khomo limodzi lokha limene lili panjira yake. Ndinati khomo limenelo likhale la apongozi anga.

Nditabwerera kunyumba ndinafotokoza monyadira. Mkazi wanga anali akuyamwitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwawauziranji?"

"Iwe, ukufuna amayi ako akokoloke ndi madzi? Kapena ayende njira yonseyo, ndi zoopsa zake, kudzaona matope?"

"Ankabwera kudzaona matope kodi?"

Ndinakalipa, Mulungu andikhululukire. Ndinati wogula tikiti aliyense ali ndi ufulu wodziwa, ndinati chilungamo, ndinati masabata atatu si chaka. Ndinalankhula zambiri zanzeru tsiku limenelo. Iye anangotembenuzira mwana ku bere lina.

Chimene sindinachiganize ndi ichi. Kwathu mkamwini ndi mpongozi wamkazi salankhulana chamaso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawatumizirepo mawu anga anga, zonse zinkadzera mwa mwana wawo. Tsono tangoganizani, mawu oyamba ochokera kwa mkamwini, mphunzitsi, mwini nyumba imene ukukagonamo, ndi akuti musabwere Loweruka lino. Ine ndinatumiza chidziwitso cha komiti. Iwo analandira mawu a mwini khomo, ndipo munthu wolemekezeka ngati iwo sakanawalumpha. Wogulitsa usipa uja anadzatiuza kuti anawapeza atamanga kale katundu, ufa wa kondowole ndi nkhuku ya mdzukulu. Apongozi anamvetsera, anafunsa kuti, "Atero ndi bambo a mwana?" Atamva kuti inde, anamasula nkhuku ija miyendo.

Loweruka masana mvula itapumako, ndinaona anthu asanu akutsika njira ya kuphiri, matope mpaka m'mawondo. Anali ogula aja amene uthenga sunawapeze. Anadikira mtsinje kuphwa theka la tsiku, anaoloka atagwirana manja, anafika. Atapeza mpanda uli pansi anandizungulira. Mkulu wina anandiloza ndi ndodo: "Aphunzitsi inu, sukulu yonseyi osatha kutumiza mawu?" Ndinapepesa, ndinawawerengera chidziwitso cha pachitseko, ndipo palibe anafuna kubwezeredwa kanthu. Anabalalika kupita kwa abale awo. Madzulo ndinkamva kuseka m'nyumba za anzathu, kwina akupha nkhuku, kwina agogo akuimbira khanda. Kwathu kunali zii. Lamulungu anthu aja anakwera phiri, ndipo onse anakafika bwino.

Gule anachitikadi pa tsiku limene ndinalemba, dzuwa lili phwee, mganda wake wosaiwalika, ndipo malata tinagula. Koma mlungu umenewo usanafike, galimoto zinatenthedwa pamsewu wa kumtunda, ndipo akuluakulu analeka kupereka giya. Ndinaima pachipata ndikung'amba matikiti, maso ali kunjira ya kuphiri, ngakhale ndinkadziwa kuti sikuchokera munthu. Miyezi ingapo pambuyo pake mudzi wa apongozi unabalalika, anthu anathawira kutchire. Apongozi anadwala kumeneko, ndipo uthenga wa maliro unatipeza atayikidwa kale.

Ndakhala ndikuitembenuza nkhaniyi zaka zonsezi. Chidziwitso chija chinalibe cholakwa, ndipo lero mutandipatsa cholembera ndingalembe chomwecho. Mtsinje ukanathadi kuwatenga apongozi anga. Ndimadziuza zimenezi, ndipo nzoona, koma mtima sukhuta nazo. Zimandiwawa mpaka lero.

Mkazi wanga sanandinenepo, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pa mikangano yathu ina imene tinkafukula zakale. Mwana uja atafika zaka zisanu ndi ziwiri anafunsa tikudya kuti, "Kodi agogo a ku Maniamba anandionapo?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za mvula, za mitsinje, za giya. Mayi ake ananditsogola kuyankha.

"Ayi, mwanangu. Anatsala pang'ono."